Ndilembe bwanji uthenga wosonkhetsa ndalama za mphatso kuti anzanga asaone ngati ndawadula msonkho?

MayiWaMapasa
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kagulu ka anthu 15 amene tinaphunzira limodzi, ndipo mmodzi wa ife wamaliza maphunziro a zosoka mwezi wathawu. Mnzathuyu wavutika kuti afike pamenepa, ndiye atatu tinakambirana zoti timugulire makina osokera kuti apeze poyambira. Otsalafe tilipo 14. Sinditchula ndalama zenizeni, tingoti makinawo mtengo wake ndi 140, ndiye mukagawa mukuona nokha kuti ikubwera 10 munthu aliyense.

Vuto ndi lakuti m'gulumo zala sizikulingana. Ena ali pa ntchito zabwino, awiri sali pa ntchito, wina wangochira kumene mwana. Sindikufuna wina aone ngati ndamupanikiza. Dzulo usiku ndinalemba chonchi koma sindinatumize:

"Anzanga, tiyeni timugulire mnzathu makina osokera. Aliyense apereke zomwe angathe, palibe kukakamiza. Koma zikhala bwino titayambira pa 10 kupita m'mwamba kuti zikwane. Mukatumiza lembani dzina lanu pansipa."

Ndauwerenga katatu, ukungondimvekera ngati kalata ya eni nyumba okumbutsa lendi. Cholakwika chili pati?

Chimutu77
Chili pa "koma". Zonse zomwe mwalemba musanafike pa "koma" ameneyo zafufutika.

Msungichuma_Wakale
Amayi a mapasa, achimwene a Chimutu anena zoona, koma ine chomwe chandiluma kwambiri ndi chiganizo chomalizacho: "lembani dzina lanu pansipa." Chikwapu chili pamenepo. Ndasungapo ndalama za msonkhamsonkha wotere kwa zaka zambiri, kuntchito ngakhalenso pakati pa anzanga, ndipo ndinaona kuti chimene chimapanikiza munthu si mawu a mu uthenga ayi, ndi maso a anzake. Mutha kulemba "palibe kukakamiza" kakhumi, koma ngati mndandanda ukukula pagulu, woyamba walemba dzina lake ndi 20 pambali, wachiwiri 15, ndiye kuti amene ali ndi 3 m'thumba watsala ndi njira ziwiri basi. Akakongole kuti asachite manyazi, kapena akhale chete ngati uthengawo sanauone. Ambiri amasankha kukhala chete, ndipo 3 ujanso simumuona.

Ndiye chotsani mndandandawo. Ndalama zibwere kwa inu kumbali, ndipo munene mu uthenga momwemo kuti amene wapereka ndi kuchuluka kwake mudziwa ndi inu, pagulu padzangobwera chiwerengero cha zonse pamodzi. Munthu akatsimikiza kuti sawerengedwa pagulu, mawu oti "mwa kufuna kwanu" amayamba kumveka oona.

Za 10 uja, mukatchula poyambira ndiye kuti mwaika mtengo wolowera pakhomo. Ndipo zimakupwetekani mbali zonse ziwiri. Wa 3 sabwera, pomwe amene akanapereka 30 amatsikira pa 10 chifukwa mwamuuza nokha kuti 10 ndi wokwanira.

NjovuYaikulu
Ine ndikutsutsa. Zongolankhula izo n'zokoma koma ndalama sizibwera choncho. Chaka chatha ndinasonkhetsa ya mnzathu amene amapuma pa ntchito, tinalipo 20. Ndinalemba mwaulemu wonse, aliyense mmene wachitira kufuna, osatchula nambala iliyonse. Tsiku logula litafika ndinali ndi ndalama zosafika ndi theka lomwe. Mphatso ndinali nditauza kale wogulitsa kuti andisungire, ndiye ndinathira zanga. Pa tsikulo onse 20 anali kutsogolo pa chithunzi, mano poyera. Anthu mukapanda kuwauza nambala amapereka zotsala m'thumba. Tchulani 10 wanuyo amayi, wodandaula adandaule.

Chimutu77
A Njovu, ndiye musalembenso kuti n'zakufuna kwa munthu. Lembani kuti ndi 10 basi. Chomwe chimanyansa ndi kunena zonse ziwiri.

NjovuYaikulu
Pamenepo ndavomera. Kulibwino kunena chilungamo.

Kalulu_Mtambalika
Mfundo ndi malamulo. Pa gulu lathu aliyense amaponya pa 5 mwezi uliwonse, wochedwa chindapusa, wojomba kawiri amatuluka. Zaka zinayi tsopano sitinakanganepo. Lembani malamulo anu, musankhe wapampando ndi mlembi, zithera pomwepo.

MayiWaMapasa
A Kalulu, si gulu losunga ndalama ili ayi. Ndi mphatso imodzi yokha, kamodzi kokha. Munthu ndimulipitse chindapusa chifukwa wachedwa kupatsa mnzake mphatso?

Kalulu_Mtambalika
Aaa pepani, ndinangowerenga mutu. Komabe mlembi ndi wofunika.

Msungichuma_Wakale
A Njovu, nkhani yanu ndaimva ndipo inandichitikirapo. Koma taonani pomwe panalakwika. Munayamba mwasungitsa katundu ndalama musanazione. Mukatero mwadzimanga nokha, chifukwa mtengo waima pamalo amodzi pomwe zopereka n'zosadziwika. Zinthu ziwirizi siziyendera limodzi. Ngati mtengo uli wokhazikika, wina ayenera kulipira zoperewera, ndipo amakhala wosonkhetsayo. Ngati zopereka zili zakufuna kwa munthu, ndiye kuti mphatso iyenera kukhala yotha kukula kapena kuchepa malinga ndi zomwe zapezeka.

N'chifukwa chake ine ndimakhala ndi mphatso ziwiri m'mutu ndisanalembe uthenga, ndipo zonse ndimazitchula. Kwa amayi a mapasa zitha kukhala chonchi: zikafika pa 140 tigula makina, zikapanda kufika tigula zida zoyambira ntchito, monga sizasi yabwino yodulira nsalu, tepi yoyezera, simbi, ulusi ndi singano, zomwe zitha kukwana ngakhale pa 50. Mukalemba choncho palibe amene amve kuti iye akapanda kupereka ndiye kuti zonse zagwa. Zomwe zimakakamiza munthu kwambiri ndi kuopa kukhala amene walepheretsa.

Chinanso a Njovu, kusatchula nambala iliyonse nakonso n'kulakwitsa. Munthu sadziwa ngati mukufuna kugula kapu kapena firiji. Mtengo wa chinthucho utchuleni, koma gawo la munthu musatchule.

Tadala_wa_Masamu
Koma abambo, mtengo mukautchula anthu sagawa okha? Ali m'gulu akudziona kuti alipo 14, aona 140, mwana wa sitandade 4 yemwe apeza 10. Ndiye mwabisa chiyani?

Msungichuma_Wakale
Agawadi, sindikana. Kusiyana kwake n'kwakuti 10 amene munthu wadziwerengera yekha ndi chongomuthandiza kuganiza, pomwe 10 amene walembedwa ndi wosonkhetsa ndi ngongole. Ndipo mutha kuthyola masamuwo ndi chiganizo chimodzi: "sitikugawa mofanana." Mawu awiri okha, koma amamasula wa 3 ndi wa 30 yemwe.

Tadala_wa_Masamu
Mmm. Theka ndakhutira. Ine ndikanaonabe 10 m'mutu mwanga ndi kuchita naye manyazi.

NyenyeziYaMmawa
Ndilankhuleko ngati munthu amene ndinakhalapo mbali inayo. Nthawi ina ndinakhala miyezi isanu ndi itatu ndili pakhomo ntchito itatha. Pa gulu la anzanga panabwera uthenga wa mphatso ya mnzathu amene anali woyembekezera, wolembedwa bwino ndithu, wakuti aliyense mmene angathere. Ndinasangalala, ndinati nditumiza kangachepe kanga Loweruka. Koma pofika Lachitatu wosonkhetsayo anayamba kuika mndandanda madzulo alionse, maina athu tonse, opereka ali ndi kachizindikiro kobiriwira, enafe poyera. Tsiku lililonse poyerapo pamachepa, mpaka tinatsala awiri. Kenako wina analemba kuti "otsalawo tikudikira inu," ndi tinkhope toseka.

Ndinakongola kwa mlongo wanga n'kutumiza zofanana ndi za ena. Mphatso inaperekedwa, ine ndinamwetulira nawo, koma gulu lija ndinalitseka mawu kuyambira tsiku limenelo ndipo sindinalembeponso. Wosonkhetsayo mpaka lero sadziwa kuti anandilakwira, ndipo ndikukhulupirira kuti sankafuna zoipa, ankangofuna kuonetsa kuti sakudya ndalama za anthu.

Chomwe ndikanakonda kuwerenga nthawi imeneyo ndi chiganizo chondiuza poyera kuti kusapereka n'kololedwa. "Zomwe mungathe" zimamveka ngati aliyense ayenera kuponyapo kenakake. Palibe amene analemba kuti "ngati mwezi uno sizikutheka, palibe vuto ndipo simukuyenera kufotokoza chifukwa." Kufotokoza chifukwa ndiye kumapweteka. Munthu wamkulu kumalemba kumbali kuti pepani achemwali, zinthu sizili bwino kunyumba, chifukwa cha mphatso ya mwana.

MayiWaMapasa
Achemwali, mwandikhudza. Awiri aja sali pa ntchito ndi amene ndimawaganizira, ndipo ndikanawachita zomwezo osadziwa. Chiganizo chimenecho ndachitenga momwe mwachilembera.

NjovuYaikulu
Pepani achemwali a Nyenyezi, zimenezo sizinali bwino. Komabe wosonkhetsa uja musamuweruze kwambiri. Mukapanda kuonetsa mndandanda mawa ndi anthu omwewo oyamba kunong'ona kuti ndalama zinali zambiri kuposa zomwe zagulidwa. Ndalama za anthu n'zoopsa.

Msungichuma_Wakale
Nkhawa imeneyo ndi yoona, ndipo ili ndi mankhwala ake osafuna mndandanda wa pagulu. Pezani munthu wachiwiri m'gulumo amene anthu amamukhulupirira, mumutchule mu uthenga kuti iyeyo aziona nawo zolowa. Inu mukalandira ndalama muyankhe wotumizayo kumbali nthawi yomweyo kuti "ndalandira 7, zikomo," kuti akhale ndi umboni wake. Mulembe m'kope tsiku, dzina ndi kuchuluka, kopelo aone awiri inu basi. Pomaliza pagulu muike zinthu zitatu: zonse zomwe zinalowa, chithunzi cha lisiti, ndi zomwe zatsala ngati zilipo. Amene akukayika afunse munthu wachiwiri uja. A Kalulu aja sananame, mlembi ndi wofunikadi.

Kalulu_Mtambalika
Mwaona! Ndinanena ine.

Telala_wa_Kale
Pepani ndikhotetse pang'ono. Makina mukufuna kugulawo ndi opalasa ndi mwendo kapena a magetsi? Funso limeneli si lamasewera. Opalasa ambiri amasoka mzere wowongoka wokha, alibe zigizagi, koma ndi olimba ndipo safuna magetsi. A magetsi ang'onoang'ono a pakhomo ali ndi masokedwe ambiri, ena amatha ndi kusoka mabowo a mabatani, koma pa nsalu yokhuthala ngati jinzi ena amalira n'kuima. Ngati mnzanuyo anaphunzirira pa mtundu wina inu n'kumugulira wina, mumupatsa ntchito yoyambiranso.

Chimutu77
Agogo anga anali ndi opalasa, mpaka lero akugwira. A magetsi a mkazi wanga atha zaka zitatu, akhala kwa wokonza kawiri.

Telala_wa_Kale
Kawirikawiri ndi kusathira mafuta ndi kusachotsa ufumbi wa ulusi pansi pa bobini. Komanso singano yobuntha anthu amaikakamira mpaka makina ayambe kulumpha.

Chimutu77
Ndiwauza, koma ndinena kuti mwanena ndinu, ine ndisakagone ndi njala.

MayiWaMapasa
A Telala zikomo, sindinaganizeko n'komwe. Ndafunsa mchemwali wake mwakachetechete, akuti ankaphunzirira opalasa ndipo ndi omwe amawalakalaka. Mtengo uja ndi wa opalasa omwewo, ndi thebulo lake. Tibwerere ku uthenga. Ndalembanso chonchi, ndiuzeni:

"Okondedwa anzanga, pepani kwambiri kukuvutitsani, ndikudziwa kuti nthawi ndi yovuta ndipo aliyense ali ndi mavuto ake. Sindikufuna kukakamiza wina aliyense. Ngati simukufuna musadandaule ngakhale pang'ono, ndimvetsa. Kungoti ndimaganiza kuti mwina, ngati n'kotheka, tingamugulireko mnzathu kenakake. Koma ngati sizitheka palibe vuto. Pepaninso."

Chimutu77
Iii amayi, tsopano mwapitirira. Uwu ndi uthenga wa munthu wobwereka ndalama kachitatu asanabweze zoyamba.

NyenyeziYaMmawa
Ndaseka. Koma zoona, "pepani" akachuluka munthu umayamba kumvera chisoni wolembayo, ndipo chisoni nachonso chimakakamiza. Ndipo mwatchula za nthawi yovuta, awiri aja adziwa kuti mukunena iwo.

Msungichuma_Wakale
Komanso simunanene chomwe mukugula, mtengo wake, kotumiza, ngakhale tsiku lotsekera. Munthu wofuna kupereka atsala ndi mafunso anayi, ndipo munthu wa mafunso anayi amati ndiona mawa. Zakuti n'zakufuna kwa munthu munene kamodzi, momveka, kenako musonyeze ndi kayendetsedwe kake. Ine ndikanalemba motere:

"Anzanga, mnzathu uja wamaliza maphunziro ake a zosoka, ndipo enafe taganiza zomugulira mphatso ya pamodzi. Tikulakalaka makina osokera, mtengo wake ndi 140. Zikapanda kufika pamenepo timugulira zida zoyambira ntchito, nazonso zimuthandiza. Amene mukufuna kuponyapo, kuchuluka kwake mudziwa nokha, sitikugawa mofanana ndipo palibe chochepa. Ngati ulendo uno sizikutheka palibe vuto, ndipo simukuyenera kufotokoza chifukwa. Tumizani kwa ine kumbali pofika Lachisanu pa 20. Zopereka tiziona awiri okha, ine ndi uje, pagulu tidzangoika zonse pamodzi ndi lisiti. Mwini wake asadziwe kaye."

Taonani kuti ndalemba "amene mukufuna kuponyapo," osati "aliyense." Mawu oti "aliyense" amawerenga mitu. Ndalembanso "enafe taganiza," osati "tagwirizana," chifukwa 11 enawo sanagwirizane nanu chilichonse, ndipo munthu akauzidwa kuti anagwirizana pa zomwe sanafunsidwe amayamba ndi kukwiya. Tsiku lotsekera likhale la patsogolo ndi milungu iwiri kapena itatu, ndipo ngati ambiri amalandira kumapeto kwa mwezi lidutse pamenepo. Masiku atatu ndi ochepa, miyezi iwiri anthu amaiwala.

Tadala_wa_Masamu
Uwu uli bwino. Koma ndikulosera: pasanathe ola wina abwera kumbali kudzafunsa kuti "anzathu akupereka zingati?" Mumuyankha chiyani?

Msungichuma_Wakale
Abweradi, ndipo sakhala mmodzi. Ofunsa chonchi ambiri si oumira, amangoopa kupereka zochepa kwambiri kapena kuoneka odzionetsera. Musawabwezere "zilizonse," chifukwa simunawathandize. Ine ndimawapatsa malire awiri otalikirana, monga "zikubwera zosiyanasiyana, ena 3, ena 20, zonse zikulowa mofanana." Koma munene zoona zokhazokha. Ngati palibe amene watumiza, nenani kuti ndinu oyamba, chitani mmene mtima ukufunira.

Tadala_wa_Masamu
Mukatchula 3 ndi 20 munthu amasankha pakati. Mwabwereranso pa 10 uja mozungulira.

Chimutu77
A Tadala, inu 10 ameneyu anakulakwirani chiyani?

Mlongo_Wanu
Langa ndi chenjezo chabe. Musanatumize onetsetsani kuti mwini mphatso sali pa gulu mukutumizapolo. Zikumveka zachibwana koma ine ndinachita. Ndinalemba uthenga wanga wokongola pa gulu lomwe tonse timachezerapo, ndi mtengo womwe, ndi mawu oti asadziwe kaye. Woyamba kuwerenga anali iyeyo. Ndinafufuta mwachangu koma anali ataona kale, ndipo choipa kwambiri n'chakuti anadziwa mtengo, ndiye mphatso itabwera yocheperapo anadziwanso kuti anzake sanakwanitse.

Ndipo mukatsegula gulu latsopano popanda iyeyo, dziwani kuti nalonso lili ndi msampha wake. Munthu akatuluka anzake amatha kudziwa kuti uje watuluka, ndiye palibe amene angayerekeze kutuluka. Ine masiku ano ndimangotumiza uthenga womwewo kwa aliyense payekhapayekha, ndi kulembamo kuti ndatumiza kwa anzathu onse.

NyenyeziYaMmawa
Apa sindikugwirizana nanu achemwali. Uthenga wa ndekha ndi wovuta kuusiya osayankha kuposa wa pagulu. Pagulu umatha kubisala m'chigulu, koma kumbali munthu akuona kuti wawerenga ndipo uli duu.

Mlongo_Wanu
N'chifukwa chake ndimaonjezera kuti "simukuyenera kuyankha uthengawu."

NyenyeziYaMmawa
Zimathandizako, koma ine ndingasankhebe gulu, bola wosonkhetsa apemphe kuti mayankho onse apite kumbali. Apo ayi gulu limadzaza ndi "ndatumiza," "nanenso ndatumiza," mndandanda uja n'kudzipanga wokha.

MayiWaMapasa
Ndatsegula gulu latsopano la 14, ndatumiza wa abambo a Msungichuma uja, ndangoonjezera kuti mayankho abwere kumbali. Funso lina: pa khadi tidzalembe maina a ndani? Opereka okha kapena tonse?

NjovuYaikulu
Opereka okha. Munthu asakolole pomwe sanalime.

NyenyeziYaMmawa
Mukatero mndandanda mwaukana pagulu uja mwaupereka m'manja mwa mwini mphatso. Awerenga maina, aona kuti atatu palibe.

NjovuYaikulu
Nanga amene ali nazo koma wangouma dzanja? Alipo oterowo, tisanamizane. Ameneyo dzina lake likhale pambali pa la munthu amene wadzimana?

Msungichuma_Wakale
Alipodi a Njovu, koma wosonkhetsa sangasiyanitse woumira ndi wovutika poyang'ana pa foni. Amene mukumuona ngati ali nazo mwina akulipirira m'bale wake kuchipatala. Ine pa khadi ndimalemba "kuchokera kwa anzako a m'kalasi" basi, wofuna kulemba mawu akeake alembe, wapereka kapena sanapereke. Chachikulu n'chakuti zimenezi zinenedwe ndalama zisanayambe kulowa. Mukasintha pakati, wina adzamva kuti mwamupusitsa.

NjovuYaikulu
Ine sindinakhutire, koma gulu si langa.

MayiWaMapasa
Papita sabata, alowa 6 okha mwa 13 enawo. Mtima wayamba kuthamanga. Ndiwakumbutse mmodzimmodzi?

Chimutu77
Ayi. Mukagogoda kwa munthu ndiye kuti zakufuna kwake zija zatha.

Msungichuma_Wakale
Chikumbutso chimodzi, pagulu, kutatsala masiku atatu kapena anayi. Musalembe "amene simunatumize," lembani ngati mukuuza onse: "Kungokumbutsana kuti titseka Lachisanu. Zikomo kwa onse." Ambiri amatumiza tsiku lomaliza kapena lotsatira chikumbutso, si kuti akana, angoiwala. Amene mungamufunse kumbali ndi yekhayo amene anakuuzani yekha kuti "nditumiza Lolemba, mundikumbutse." Kutchula zomwe zapezeka pofika pano, ine ndimapewa. Mukalemba kuti kwatsala 40, amene sanatumize amamva ngati 40 yense ali pamutu pawo.

MayiWaMapasa
Ndabweranso ndi lipoti. Tatseka dzulo. Tapereka 11 mwa 14, ine ndemwe, ndipo zonse pamodzi ndi 124. Chochepetsetsa chinali 2, chachikulu 25. Amene anapereka 2 ndi mmodzi wa awiri aja sali pa ntchito, ndipo anali wachiwiri kutumiza. Amene ndimamudalira kuti aponya zambiri sanayankhe n'komwe, a Njovu musaseke.

Koma pali zomwe sindinawerengere. Potapa ndalama pa foni andidula 2, ndipo makina ndi thebulo lake sindinganyamule pamutu, wonyamula akufuna 4. Ndiye m'manja ndili ndi 122, pomwe zofunika ndi 144. Kwaperewera 22. Ndibwerere pagulu ndikapemphe, ndithire zanga, kapena tigule zida zija?

NjovuYaikulu
Sindikuseka. Ndangokhosomola.

Tadala_wa_Masamu
Mukanalemba 10 aliyense, 14 kuchulukitsa ndi 10 ndi 140.

Chimutu77
Pa pepala. Atatu aja sakanatumizabe, wa 2 akanabisala, wa 25 akanatsika pa 10. Werengeraninso a Tadala.

Tadala_wa_Masamu
Anthu 10 kuchulukitsa ndi 10. Chabwino, ndakhala pansi.

Msungichuma_Wakale
Zodulidwa potapa ndi zonyamulira ndinaiwala kukuchenjezani, kulakwa ndi kwanga. Zimayenera kulowa mu mtengo wotchulidwa mu uthenga kuyambira pachiyambi.

Kubwerera pagulu ndi pempho lachiwiri ine sindingalimbikitse. Munalonjeza kuti zikapanda kukwana pali njira ina, ndiye mukapemphanso ndiye kuti lonjezo lija linali la pakamwa, ndipo aliyense adziwa kuti pempholo likuloza atatu aja. Chomwe mungachite ndi kupereka lipoti monga munalonjezera: "Zapezeka 124, zatsala 122 titachotsa zotapira. Makina pamodzi ndi kunyamula ndi 144, ndiye tikuyang'ana otsikirapo mtengo kapena zida zija. Tigula Lachiwiri." Limenelo si pempho, koma amene ali ndi mtima woonjezera aona yekha mpata ndipo abwera kumbali. Kuthira zanu, thirani pokhapokha ngati 22 ameneyo simudzamukumbukira mukadzakumana ndi amene sanayankhe uja.

NyenyeziYaMmawa
Lipoti limenelo lili ndi kafungo ka pempho ndithu abambo, tisabise. Koma poti silikuloza munthu, ine ndingalilandire.

Telala_wa_Kale
Musanathamangire zida, funsani mtengo wa mutu wa makina wokha popanda thebulo, kapena makina ogwirapo kale ntchito kwa okonza makina. Opalasa akale akakhala osamalidwa amasoka bwino kuposa ena atsopano. Koma musagule osayesa. Tengani kansalu kopepuka ndi kena kokhuthala, asoke pamaso panu, mutembenuze muone ngati ulusi wapansi sukupanga malupu. Muonenso lamba ndi kabokosi ka bobini.

MayiWaMapasa
Lipoti ndaika m'mawa uno monga mwalembera. Pasanathe ola awiri abwera kumbali, wina 10 wina 5, ndiye kwatsala 7. A Telala, okonza makina aja ndipitako mawa ndi mchemwali wake wa mwini mphatso, iye amadziwako kusoka. Zikatsalako ndigula ulusi ndi singano, ndiika pa lisiti lomwelo.

Koma tsopano amene sanayankhe uja wangolemba pagulu kuti mphatso akufuna akapereke ndi iyeyo, poti amadziwa kulankhula.

NjovuYaikulu
Amayi, ndiloleni ndilowe m'gulu lanulo kwa mphindi zisanu zokha.